Mbiri yaifupi ya injiniya wachinyamata m'mawu 80: muyambire pati, ndipo alankhule ndani?

Kampani ikamasonyeza anthu ake ogwira ntchito, aliyense amapatsidwa chithunzi ndi kandime kamodzi kofotokoza za iye. Kwa injiniya wamkulu amene wagwira ntchito zaka 25, vuto limakhala kusankha zoti asiye. Kwa wachinyamata amene wangotha zaka ziwiri pantchito, vuto ndi lina: zolemba nzochepa, ndiye amakopeka kudzaza malowo ndi mawu otamanda kapena nkhani za ubwana. Kenako abwana amawonjezera kuti ndimeyo ikhale yansangala koma yaulemu wa pantchito, ndipo ikhale ya mawu pafupifupi 80.

Mawu 80 ndi ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi basi. Wowerenga amazimaliza pasanathe mphindi imodzi. Ndipo wowerengayo nthawi zambiri si mnzanu wa kusukulu. Ndi kasitomala amene wauzidwa kuti mawa akumana ndi injiniya wakutiwakuti, ndipo akufuna kudziwa ngati munthuyo angamuthandize. Nthawi zina ndi wogwira ntchito m'gawo lina amene akufunafuna woti amufunse. Njira iliyonse yolembera tiiyeza ndi anthu awiriwa.

Tiyerekeze kuti tili ndi mayi wachitsikana, timutche Uje. Ali ndi digiri ya uinjiniya wa zomangamanga, analowa ntchito mu 2023 m'gawo la madzi, ndipo amagwira pansi pa injiniya wamkulu. Amawerengera kukula kwa mapaipi ndi matanki, amajambula mapulani pa pulogalamu ya pakompyuta ya AutoCAD, ndipo mu 2024 anagwira nawo ntchito yoyala mapaipi otalika makilomita 12. Sanalembetsebe ku bungwe loona za mainjiniya. Amakonda kuthamanga, ndipo Loweruka amaphunzitsa masamu atsikana a kusekondale. Zikuluzikulu zimene tili nazo nzomwezi. Tiziona zikulembedwa m'njira zingapo.

Kuyamba ndi mapepala

Njira imene ambiri amayamba nayo ndi yotenga zimene analemba pofunsira ntchito nkuzisandutsa ziganizo. Zimatuluka chonchi:

"A Uje ndi injiniya wa zomangamanga m'gawo lathu la madzi. Ali ndi digiri yoyamba ya uinjiniya wa zomangamanga, ndipo anachitanso maphunziro apadera a chitetezo cha pa ntchito ndi a kayendetsedwe ka mapulojekiti. Amadziwa kugwiritsa ntchito EPANET, AutoCAD ndi Excel. Analowa kampani ino zaka ziwiri zapitazo atamaliza maphunziro awo. Ndi munthu wolimbikira, wodzipereka, wokonda kugwira ntchito ndi anzawo, ndipo amafunitsitsa kupeza njira zatsopano zothetsera mavuto a makasitomala athu. Pakadali pano akukonzekera kulembetsa ku bungwe loona za mainjiniya."

Ndimeyi ili ndi mawu 76, ndipo mulibe bodza. Ubwino wake ndi wakuti palibe bwana amene angaikane, ndipo imalembeka msanga. Pamene kampani ikupikisana ndi ena kuti ipatsidwe ntchito, ndipo oweruza akungofuna kuona digiri ndi zaka za munthu aliyense, ndime yamtunduwu ili pamalo pake.

Koma taonani zimene kasitomala uja wapindula. Wadziwa kuti a Uje anaphunzira, chinthu chimene ankachiyembekezera kale kwa aliyense wotchedwa injiniya. Sanadziwe kuti pa tsiku lantchito a Uje amachita chiyani. Chiganizo cha "wolimbikira, wodzipereka" chadya mawu 19, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ndime yonse, ndipo mutachichotsa nkuchiika pansi pa chithunzi cha wowerengera ndalama kapena woyendetsa galimoto, chingakwanire bwinobwino. Umu ndi mmene mungayesere chiganizo chilichonse: ngati chingayenere munthu wina pakampani yomweyo osasintha liwu, sichikunena za munthu wanuyo.

Kwa wachinyamata njira imeneyi ili ndi msampha wina. Imamuimika pamalo pamene ali wofooka kwambiri. Pamndandanda womwewo pali akuluakulu a madigiri awiri kapena atatu ndi zaka zambirimbiri, ndiye ndime yake ikangowerenga mapepala, wowerenga amangoona kuti awa ndi amene ali ndi zochepa. Mayina a mapulogalamu atatu ondandalikidwa aja nawonso sathandiza. Kutchula Excel kuli ngati mmisiri wamatabwa kulengeza kuti ali ndi hamala. Ndipo mawu akuti "zaka ziwiri zapitazo" adzakhala onama chaka chamawa, pomwe ndime zotere kawirikawiri zimakhala zaka zingapo popanda wozikonza. Chaka chenichenicho, 2023, sichikalamba.

Kudzilankhulira mwini

Njira yachiwiri ndi yoti munthuyo alankhule yekha, ndi "ndine" ndi "ndimachita". Anthu amaikonda chifukwa nsangala imabwera yokha.

"Dzina langa ndine Uje, ndipo ndimagwira ntchito m'gawo la madzi. Chimene chinandikokera ku uinjiniya ndi funso limene linkandivuta ndili mwana: madzi amakwera bwanji phiri kuti afike pampopi? Lero ntchito yanga ndi kuyankha funso lomwelo, tsiku ndi tsiku. Ndimawerengera kukula kwa mapaipi ndi matanki, ndimajambula mapulani, ndipo ndimapita kumalo omangira kukaona ngati zimene tajambula ndi zimene zikumangidwa. Ndili ndi digiri ya uinjiniya wa zomangamanga. Ndikakhala kuti sindili pantchito ndimathamanga, ndipo Loweruka ndimaphunzitsa masamu atsikana a kusekondale. Mukandipeza, tiyeni ticheze za madzi."

Mawu 80 ndendende, ndipo ndimeyi imakoma kuwerenga kuposa yoyamba ija. Chiganizo chachinayi, cha mapaipi ndi mapulani ndi kupita kumalo omangira, nchabwino zedi, chifukwa munthu akamadzilankhulira amasiya mawu olemera nkunena zimene manja ake amachita. Pakampani yaing'ono ya anthu khumi, pamene aliyense walemba motere, palibe chifukwa chosinthira.

Mtengo wake uli pawiri. Poyamba, nkhani ya ubwana ija ndi chiganizo chotsatira zatenga mawu 27, ndipo malo a ntchito ya makilomita 12 asowa. Umboni wokhawo woti a Uje anagwirapo ntchito yeniyeni wagwera panja kuti funso la paphiri lilowe. Chachiwiri nchobisika pang'ono. Munthu akamanena yekha zimene anachita bwino, zimamveka ngati kudzitama, ndiye achinyamata ambiri amazifewetsa mpaka kuzichotseratu. "Ndinayesa njira yonse ya madzi anthu asanayambe kukumba" amakuona kolemera pakamwa, pomwe mawu omwewo akanenedwa ndi kampani sadabwitsa aliyense. Ena amagwera mbali ina, nkulemba kuti "ndinamanga" ntchito imene anthu 15 anagwira.

Palinso nkhani ya anzake pamndandanda. Ngati ndime za akuluakulu zonse zili za "a Uje ndi", ndipo ya wachinyamata yekha ndiyo ikuti "ndine", iye amaoneka ngati mlendo wodzaphunzira ntchito. Pamenepa palibe zosankha: onani mmene ena alembera, mutsatire. Funso loti alankhule ndani ndi la kampani yonse, si la munthu mmodzi.

Mitu ndi mayankho

Makampani ena amapereka mitu yoti aliyense adzaze: udindo, maphunziro, chimene ndimachita, chimene ndimakonda. Sindichedwapo, chifukwa ubwino ndi kuipa kwake zimaonekeratu. Ndime zonse zimafanana kukula, wofunafuna amapeza msanga, ndipo anthu 60 angathe kudzaza m'sabata imodzi. Koma mitu yokhayo imadya mawu 10 kapena kuposa, ndipo mutu ngati "zaka pantchito" umayalutsa wachinyamata popanda kumupatsa mpata wonena china. Ngati kampani yanu imachita zimenezi, ikani mphamvu zonse pa mutu wa chimene mumachita, ndipo mulembepo chiganizo chathunthu, osati mayina a mapulogalamu.

Kuyamba ndi ntchito, kampani ikulankhula

Njira imene ndingasankhe ine kwa injiniya wachinyamata ndi iyi:

"A Uje ndi injiniya wothandizira m'gawo lathu la madzi, ndipo ali nafe kuyambira 2023. Amawerengera kukula kwa mapaipi ndi matanki kuti madzi afike ndi mphamvu ngakhale pampopi wakumapeto. Mu 2024 anagwira nawo ntchito ya mapaipi otalika makilomita 12, pomwe anayesa njira yonse ya madzi pa EPANET anthu asanayambe kukumba. Ali ndi digiri ya uinjiniya wa zomangamanga ndipo akukonzekera kulembetsa ku bungwe la mainjiniya. Loweruka amaphunzitsa masamu atsikana a kusekondale. Ngati muli ndi funso la kuchepa mphamvu kwa madzi m'mapaipi, yambani mwalankhula nawo."

Mawu ake ndi 82, ndipo agawika motere: 14 a dzina, udindo ndi chaka, 35 a ntchito, 14 a maphunziro, 6 a kunja kwa ntchito, ndi 13 ouza wowerenga nthawi yoti awafune. Pafupifupi theka lapita ku ntchito, ndipo ndi pamene ndime imeneyi yasiyana ndi zina zija.

Chiganizo chachiwiri ndicho mtima wake. Sichinangonena kuti amawerengera mapaipi, chapitiriza kunena chifukwa chake: kuti madzi afike ndi mphamvu ngakhale pampopi wakumapeto. Munthu amene sanaphunzire uinjiniya amamva zimenezo, chifukwa anaonapo mpopi wongodontha. Injiniya mnzake amamvanso, chifukwa akudziwa kuti madzi akamayenda m'paipi amataya mphamvu pokhulana ndi m'kati mwa paipiyo, kuti paipi ikachepa kapena ikatalika kutayako kumakula, ndipo kuti amene ali kumapeto kapena pamalo okwera ndiye amayamba kuvutika. Chiganizo chimodzi chafikira owerenga onse awiri, ndipo ambiri sazindikira kuti nsangala imene abwana amafuna yachokera pomwepa. Ndime imamveka yochezeka pamene ntchito yovuta yafotokozedwa m'mawu amene munthu angauze mnzake pakamwa. Nthabwala kapena mndandanda wa zosangalatsa sizingachite zimenezo ngati ziganizo za ntchito zili zouma.

Chiganizo chachitatu ndi umboni, ndipo chili ndi zinthu zitatu zoyenera kuziona. Kupatula chaka, pali nambala imodzi yokha, makilomita 12, yokwanira kusonyeza kukula kwa ntchito. Pali mawu akuti "anagwira nawo", amene akunena zoona kuti sanali yekha, kenako "anayesa", amene akuloza mbali imene inalidi yake. Ndipo pulogalamu yatchulidwa imodzi, pamalo pamene ikugwira ntchito. EPANET ndi pulogalamu yaulere yopangidwa ndi bungwe la boma la America loona za chilengedwe, ndipo imawerengera mphamvu ndi kuchuluka kwa madzi paliponse m'njira ya mapaipi. Amene amaidziwa waona kale kuti a Uje amatha chiyani. Amene saidziwa sanatayike, chifukwa mawu ozungulira afotokoza: anayesa njira yonse anthu asanayambe kukumba. AutoCAD yasiyidwa dala, poti pafupifupi aliyense m'gawo ngati limenelo amajambula.

Njirayi ilinso ndi zovuta zake. Imatenga nthawi, chifukwa wolembayo ayenera kukhala pansi ndi munthuyo nkumufunsa kuti pantchito ijayi mbali yake inali iti makamaka. Achinyamata amayankha kuti "ndinkangothandiza", ndipo pamafunika kufunsanso kawiri katatu mpaka atchule chinthu chogwirika. Vuto lina ndi chinsinsi. Makasitomala ambiri amasainirana ndi kampani kuti dzina lawo kapena la ntchito yawo lisatchulidwe popanda chilolezo, nchifukwa chake m'chitsanzomu mulibe dzina la mwini ntchito kapena la malo. Kukula ndi mtundu wa ntchito nzokwanira, ndipo ngakhale zimenezo woyang'anira ntchitoyo aziwerenge kaye.

Dzina la udindo si loseweretsa

Pa njira zonse zinayi, cholakwika chimene chingabweretse mlandu weniweni chili pa mawu awiri kapena atatu oyambirira. M'mayiko ambiri mayina ena a mainjiniya amatetezedwa ndi lamulo kapena ndi mabungwe olembetsa. Ku America zilembo za PE zimaikidwa pambuyo pa dzina ndi munthu yekhayo amene ali ndi laisensi ya boma la chigawo chake, ndipo nthawi zambiri amaipeza atatha zaka zinayi pantchito pambuyo pa digiri ndi kupambana mayeso. Amene wangopambana mayeso oyamba amatchedwa EIT m'zigawo zambiri. Ku Britain zilembo za CEng zimaperekedwa kwa olembetsedwa ndi Engineering Council. Ku Canada kuli P.Eng., ndipo kumeneko mabungwe a m'zigawo amalondalonda ngakhale mmene anthu akugwiritsira ntchito dzina lakuti injiniya.

Choncho wolemba ndime asakweze munthu ndi mtima wofuna kumusangalatsa. A Uje m'chitsanzo chathu ndi "injiniya wothandizira", ndipo "akukonzekera kulembetsa". Kulemba kuti ndi "injiniya wovomerezeka" kapena "katswiri wolembetsedwa" kungakhale kunamiza kasitomala pa nkhani yoti ndani ali ndi mphamvu yosainira mapulani. Tengani dzina la udindo monga lilili pa kalata yolembedwera ntchito, ndipo ngati pali zilembo zoika pambuyo pa dzina, muone chiphaso chake. Kunena kuti munthu akukonzekera kulembetsa sikumuchepetsa. Kasitomala wodziwa zinthu amamva kuti munthuyo ali panjira yoyenera ndipo pali wamkulu amene akuyang'anira ntchito yake.

Chimodzimodzinso mawu a ntchito. "Anatsogolera", "anakonza mapulani" ndi "anagwira nawo" ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo anzake a m'gawo, amene adzawerenge ndimeyo tsiku loyamba, akudziwa bwino lomwe amene anachita chiyani.

Chiganizo cha kunja kwa ntchito

A Uje amathamanga ndipo amaphunzitsa masamu. Ndime yachiwiri inatchula zonse, yomaliza ija inasankha chimodzi. Chimodzi nchokwanira, ndipo chikhale chimene munthu angayambirepo macheza akakumana naye. "Amakonda kuwerenga, kuyenda ndi kumvera nyimbo" sichipatsa munthu poyambira, pomwe "amaphunzitsa masamu atsikana a kusekondale" chimabala funso lokha. Chapambana kuthamanga chifukwa chikuuzanso kasitomala, mosanena, kuti munthuyu amatha kufotokozera ena zinthu zovuta.

Zaka zobadwa, banja, ana, mpingo ndi chipani zisalowe, pokhapokha mwini atapempha yekha ndipo kampani itavomera. Ngakhale liwu lakuti "wachinyamata" silikufunika m'ndimemo. Chithunzi ndi chaka cholowera ntchito zanena kale, ndipo liwulo likalembedwa limamveka ngati kupepesa. Chiganizo chimenechi mwini wake ayenera kuchivomereza asanachione anthu, chifukwa chimene wolemba akuona ngati chokoma, mwina mwiniyo sakufuna kuti makasitomala achidziwe.

Polemba m'Chichewa pali chosankha china chaching'ono chimene chimasintha kamvekedwe konse: "Uje ndi injiniya, ntchito yake" kapena "a Uje ndi injiniya, ntchito yawo". Zolakwika zimachitika pamene akuluakulu alembedwa ndi "a" ndi "iwo", achinyamata nkulembedwa ndi dzina lokha ndi "iye". Mndandanda wotero umauza kasitomala amene sayenera kumulabadira. Ulemu ukhale umodzi kwa onse, ndipo m'ndime imodzi musayambe ndi "iwo" nkumalizira "iye".

Nanga amene alibe ntchito yoti atchule?

Munthu amene wangotha miyezi itatu alibe makilomita 12 ake. Apa njira yoyamba ija imakopa kwambiri, komabe simukakamizidwa kubwerera kwa "wolimbikira, wodzipereka". Mawu 35 a ntchito aja agawidwe pakati pa zimene akuchita tsopano ndi ntchito yofufuza imene anachita chaka chomaliza ku yunivesite, yotchulidwa poyera kuti inali ya kusukulu. Mwachitsanzo: "Pakadali pano amathandiza kujambula mapulani a matanki ndi kuwerengera zipangizo. Pomaliza digiri yawo anafufuza chimene chimachititsa mapaipi akale kudontha polumikizira." Zimenezi nzoona, nzake yekha, ndipo zikusonyeza kumene mtima wake uli. Ndime yotere ikafika mawu 65 nkutha, isiyeni pomwepo. Kusiyana kwa mawu 10 kapena 15 sikuoneka ndi maso, koma chiganizo chongodzazira malo chimaoneka.

Ndime ikapitirira, monga kufika 95 kapena 100, dulani motsatana chonchi: poyamba mawu otamanda, kenako mayina a mapulogalamu kusiya limodzi, kenako maphunziro aafupi amene si digiri, kenako chosangalatsa chachiwiri. Chiganizo chomaliza chija, chouza wowerenga nthawi yoti amufune, chingachoke ngati munthuyo salankhula ndi makasitomala mwachindunji, ndipo mawu 13 amenewo angabwerere ku ntchito. Ziganizo ziwiri za ntchito ndizo zomaliza kukhudzidwa. Ikatha, iwerengeredwe mokweza kwa munthu wa m'gawo lina, monga wa ku ofesi ya ndalama, ndipo afunsidwe kuti a Uje amachita chiyani. Akayankha kuti "ndi injiniya", chiganizo chachiwiri chilembedwenso. Akayankha kuti "ndi amene amaonetsetsa kuti madzi akufika kumapeto kwa mapaipi", ipite kwa mwini wake ndi kwa woyang'anira gawo kuti aivomereze.